Timagetsi ta switchi tikuyaka bwino koma mafayilo sakuyenda: kusagwirizana kwa dupuleksi ndi poti yowonongeka

Mu ofesi dandaulo limabwera ndi mawu awiri okha: "Netiweki yavuta." Ukafunsitsa upeza kuti Intaneti ikutseguka, maimelo akulowa, pulinta ikusindikiza. Chimene chakanika n'kukopera fayilo yaikulu kuchoka pa seva kupita pa kompyuta, kapena kuitumiza ku seva. Kabokosi kosonyeza nthawi yotsala kamati mphindi zitatu, kenako 40, kenako n'kuima osasuntha. Ena amaloza chala kampani ya Intaneti, chonsecho fayilo yochoka pa seva ya muofesi momwemo situluka n'komwe panja. Ena amati ndi vayilasi, ena akuti kompyuta yakalamba.

Nthawi zina akulondola. Koma pali zifukwa ziwiri zimene zimabisala pansi penipeni, pamene kebulo imalumikizana ndi switchi, kabokosi kamene makebulo onse a muofesi amakumanako. Choyamba ndi pamene zipangizo ziwiri za kunsonga kwa kebulo imodzi sizinamvane za kalankhulidwe. Chachiwiri ndi poti, kabowo kolowetsa kebulo pa switchi, ikayamba kufa pang'onopang'ono. Zonse ziwiri zimasiya kagetsi ka poti kali koyaka bwinobwino, n'chifukwa chake zimatha miyezi osadziwika.

Kodi kuchedwa n'kutani?

Tisanapite patali tiyenera kudziwa liwiro loyembekezereka. Liwiro la kebulo limawerengedwa m'mabiti, pomwe kukula kwa fayilo kumawerengedwa m'mabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8. Kulumikizana kwa megabiti 100 pa sekondi kukakhala bwinobwino kumanyamula megabayiti 11 kapena 12 pa sekondi, ndiye fayilo ya gigabayiti imodzi imatha mphindi imodzi ndi theka. Kwa gigabiti kumanyamula pafupifupi megabayiti 110, ndipo fayilo yomweyo imatha masekondi 10 kapena kupitirirako pang'ono.

Manambalawa amathandiza kusiyanitsa matenda. Liwiro likakhazikika pa megabayiti 11 osagwedezeka pa zipangizo za gigabiti, ndiye kuti kulumikizanako kwatsikira pa 100, koma kuli kwaukhondo. Likamakwera n'kugwa, kenako n'kuima kwa kanthawi, n'kumangozungulira pansi pa megabayiti imodzi, ndiye kuti zinthu zikutayika panjira. Kusagwirizana kwa dupuleksi ndi poti yowonongeka zimakonda kuoneka motero.

Dupuleksi ndi mbiri yake

Dupuleksi ndi lamulo lonena ngati zipangizo ziwiri zingatumizirane zinthu nthawi imodzi kapena ziyenera kulandizana. Pa sikirini mudzaona mawu awiri, `Half` ndi `Full`. Pa hafu dupuleksi zimalandizana, china chikamatumiza china chimadikira. Pa fulu dupuleksi zonse zimatumiza ndi kulandira nthawi imodzi.

Netiweki ya makebulo imene timagwiritsa ntchito muofesi, imene kompyuta imailemba kuti `Ethernet`, inayambira ku Xerox PARC ku California m'chaka cha 1973, pa ntchito ya Robert Metcalfe ndi David Boggs. Pa chiyambi makompyuta onse ankalumikizidwa ku kebulo imodzi yaitali, ndipo awiri akatumiza pamodzi zizindikiro zawo zinkasokonezana. Ndiye anaika malamulo ngati a pabwalo la milandu kwa mfumu. Usanalankhule umayamba wamvetsera. Ngati wina akulankhula, umadikira. Mukayamba awiri nthawi imodzi, nonse mumasiya, aliyense n'kudikira kanthawi kake, kenako mmodzi n'kuyambiranso. Kuyamba pamodzi kumeneku ndiko kugundana, ndipo pa hafu dupuleksi si vuto ayi. Ndi mmene zinthu zinakonzedwera. Khadi la netiweki, kachipangizo ka mu kompyuta kamene kebulo imalowamo, limayesa lokha mpaka maulendo 16 lisanagonje.

Zinthu zimatumizidwa m'timitolo totchedwa mafulemu. Fulemu yaing'ono kwambiri ndi mabayiti 64, yaikulu ya masiku onse ndi mabayiti 1518. Malamulo amati kugundana kulikonse kovomerezeka kuyenera kudziwika mkati mwa mabayiti 64 oyambirira, chifukwa pofika pamenepo aliyense pa kebulo wamva kale kuti wina wayamba kulankhula. Nambala imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Makebulo a mawaya opotana awiriawiri atabwera mu 1990, kutumiza kunakhala ndi mawaya ake ndipo kulandira kunakhala ndi ake. Maswitchi atalowa m'malo mwa mahabu, timabokosi takale timene tinkangobwereza chilichonse ku makebulo onse, kebulo iliyonse inatsala ndi zipangizo ziwiri zokha, chimodzi kunsonga iyi china kunsonga iyo. Chifukwa chodikirana chinatha. Bungwe la IEEE linakhazikitsa fulu dupuleksi mu 1997, ndipo chipangizo chimene chili pa fulu sichimvetseranso chisanatumize, sichidziwanso kanthu za kugundana.

Kukambirana, ndi pamene kumalephera

Pakakhala maliwiro awiri, megabiti 10 ndi 100, ndi madupuleksi awiri, pamafunika njira yoti zipangizo zizigwirizana zokha. Inabwera mu 1995 pamodzi ndi liwiro la megabiti 100, ndipo pa sikirini imalembedwa `Auto` kapena `Auto Negotiation`. Kebulo ikangolowa, chipangizo chilichonse chimatumiza timizere ta magetsi tonena zimene chingakwanitse, ndipo ziwirizo zimasankha chapamwamba chimene zonse zili nacho.

M'zaka zoyambirira zipangizo za makampani osiyana sizinkamvana bwino nthawi zonse pa kukambiranaku. Akatswiri ambiri a nthawi imeneyo anazolowera kuzimitsa `Auto` n'kulemba okha pamanja kuti 100 ndi `Full`. Mbali zonse ziwiri zikalembedwa chimodzimodzi palibe vuto. Vuto limabadwa mbali imodzi ikalembedwa pamanja, inayo n'kutsala pa `Auto`.

Pa zipangizo zambiri, mbali yolembedwa pamanja imasiyiratu kukambirana. Mbali ya `Auto` imanena zake koma siyankhidwa. Liwiro imatha kulidziwa pomvetsera mtundu wa zizindikiro zimene zikubwera pa waya, chifukwa za megabiti 10 n'zosiyana ndi za 100. Koma dupuleksi simveka pa waya. Pamenepa lamulo limati mbali ya `Auto` isankhe hafu, pokayikira kuti mwina kunsonga inayo kuli habu yakale. Zotsatira zake, mbali ina ili pa 100 fulu, ina pa 100 hafu. Palibe chipangizo chaphwanya lamulo, liwiro lagwirizana, timagetsi tayaka.

Zimene zimachitika pa waya

Tibwerere kubwalo kuja. Mbali ya hafu ndi munthu wosunga mwambo, wina akangomudula mawu amasiya kulankhula pomwepo. Mbali ya fulu ndi munthu amene anauzidwa kuti mwambowo unatha, amalankhula nthawi iliyonse imene wafuna.

Pokopera fayilo zinthu siziyenda mbali imodzi yokha. Dongosolo lotchedwa TCP limafuna kuti wolandira azibweza timauthenga totsimikiza kuti zafika. Tiyerekeze kuti mbali ya hafu ikutumiza fulemu ya mabayiti 1518. Ili mkati, mbali ya fulu yatumiza kachitsimikizo ka fulemu yapita ija. Mbali ya hafu ikuona ngati kwagundana, n'kudula fulemu yake pakati. Zikachitika mkati mwa mabayiti 64 oyamba, khadi limaitumizanso lokha ndipo nthawi yotayika ndi yochepa. Koma 64 mwa 1518 ndi pafupifupi magawo 4 okha pa 100. Nthawi zambiri kudulidwako kumabwera fulemu itapita kale patali. Kumeneko ndi kugundana kochedwa, kumene zipangizo zimalemba kuti `late collision`, ndipo mwachizolowezi khadi siliitumizanso fulemu yotero. Yatayika.

Mbali ya fulu, imene sidziwa za kugundana, yangolandira chidutswa. Fulemu iliyonse imathera ndi nambala yotsimikizira kuti zamkati sizinasinthe panjira, ndipo chidutswa chodukacho chimalephera mayeso amenewa. Chimawerengedwa pa `CRC` kapena `FCS`, ndipo chikachepera mabayiti 64 chimawerengedwa pa `runts`. Motero vuto limodzi limasiya zizindikiro ziwiri zosiyana: `late collision` ku mbali ya hafu, `CRC` ndi `runts` ku mbali ya fulu.

Chotayikacho chimatsala m'manja mwa TCP, ndipo mankhwala a TCP ndi owawa. Ikaona kutayika imaganiza kuti njira yadzaza, ndiye imachepetsa liwiro. Zikatayika zingapo motsatizana imaima n'kudikira kaye, ndipo pa Linux kudikira kochepetsetsa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Zikuoneka zazing'ono, koma pa megabiti 100 nthawi imeneyo ikananyamula megabayiti oposa awiri. Ikayambiranso n'kukweza liwiro, zitsimikizo zimachuluka, kugundana n'kubwereranso. Ndiko kukwera ndi kugwa kumene anthu amakuona pa kabokosi kaja.

Apa mpamenenso pamaonekera chifukwa chake vutoli limabisala. Lamulo la `ping` limatumiza kapaketi kamodzi, n'kudikira yankho, patapita sekondi n'kutumiza kena. Mbali ziwirizo sizilankhula pamodzi, ndiye sipakhala kugundana, ndipo `ping` imabwera yoyera. Imelo ndi masamba ang'onoang'ono zimadutsanso anthu osadandaula. Vuto limadzuka pokhapokha waya ukatanganidwa. Kawirikawiri liwiro lopita ndi lobwera zimasiyana kwambiri, kotero wina amati kutenga fayilo kuli bwinoko koma kutumiza n'kosatheka.

Chitsanzo: chipinda chonse chikuchedwa

Tiyerekeze ofesi imene ili ndi seva ndi switchi yaikulu ya Cisco m'chipinda chimodzi. Kuchoka pa poti 24 kebulo yapita ku chipinda cha owerengera ndalama, kumene kunali switchi yakale. Amene anailumikiza kalekale analemba mbali zonse ziwiri pamanja, ndipo pa switchi yaikulu pali mizere iyi:

```
interface GigabitEthernet1/0/24
 speed 100
 duplex full
```

Switchi yakale ija yapsa. Agula kaswitchi kotchipa ka mapoti 8 ka megabiti 100, kopanda polowera kuti usinthe kalikonse, kamene kamangodziwa `Auto`. Akalumikiza, timagetsi tayaka, aliyense wabwerera pa ntchito. Patapita masiku, chipinda chonse chikudandaula.

Katswiri akayang'ana pa kompyuta ya Windows m'chipindamo amalemba izi mu PowerShell:

```
Get-NetAdapter | Format-List Name, LinkSpeed, FullDuplex
```

Yankho likuti `100 Mbps` ndi `True`. Pa Linux `ethtool eth0` ikanaonetsa zofanana. Ambiri amasocherera pomwepa n'kunena kuti dupuleksi ilibe mlandu. Koma kompyutayo ikungonena za kebulo yake yopita ku kaswitchi kakang'ono. Dupuleksi imagwirizanidwa pa kebulo iliyonse payokha, ndipo fayilo yochoka pa seva ikudutsa makebulo atatu. Yodwala ndi yapakati.

Chotsatira n'kuchotsa disiki ndi mapulogalamu mu nkhaniyi. Pa seva timayatsa `iperf3 -s`, pulogalamu yoyeza liwiro la netiweki osakhudza disiki, ndipo pa kompyuta timayesa mbali zonse ziwiri, pomwe 192.168.1.10 ikuimira adiresi ya seva:

```
iperf3 -c 192.168.1.10
iperf3 -c 192.168.1.10 -R
```

Pa kulumikizana kwabwino kwa 100 mayeso onse awiri amapereka pafupifupi megabiti 94. Akapereka zochepa kwambiri ndi zodumphadumpha, disiki ya seva yatuluka m'mlandu. Kompyuta ya m'chipinda china ikapereka liwiro labwino, seva ndi kebulo yake nazonso zatuluka. Chatsala n'chimene anthu a chipinda chodandaulacho amagawana.

Tsopano tipite pa switchi yaikulu. Manambala a zolakwika amaunjikana kuyambira tsiku limene switchi inayatsidwa, ndiye nambala yaikulu payokha sinena kanthu. Timayamba tawafufuta ndi `clear counters GigabitEthernet1/0/24`, n'kuyesanso `iperf3`, kenako `show interfaces GigabitEthernet1/0/24`. Mizere yofunika imaoneka mwa mtundu uwu, ngakhale manambala ake ndi ongoyerekeza:

```
Full-duplex, 100Mb/s
1842 runts, 0 giants, 0 throttles
5310 input errors, 3468 CRC, 0 frame
0 output errors, 0 collisions
0 late collision, 0 deferred
```

Poti ili pa fulu, `CRC` ndi `runts` zikukwera waya ukatanganidwa, n'kukhala chete ukapuma. Kugundana kochedwa kukuchitika ku kaswitchi kakang'ono, kumene sitingawerenge kanthu. Umboni womaliza uli mu `show interfaces status`. Mapoti amene anakambirana amalembedwa `a-full` ndi `a-100` kapena `a-1000`, pomwe poti 24 yalembedwa `full` ndi `100` popanda chilembo `a`. Zikanakhala kuti maswitchi onse awiri ndi a Cisco, akanadziwitsana okha n'kulemba uthenga wa `%CDP-4-DUPLEX_MISMATCH`, koma kaswitchi kotchipa sikalankhula chinenero chimenecho.

Kukonza kwake ndi mizere iwiri pa poti yomweyo, `speed auto` ndi `duplex auto`. Kulumikizana kumaduka kwa masekondi angapo, choncho ndi bwino kuchenjeza anthu. Kukabwerera, poti imaonetsa `a-full` ndi `a-100`, ndipo fayilo ya gigabayiti ibwerera ku mphindi yake imodzi ndi theka. Cholakwika chimene chimachitikachitika apa n'kuona hafu pa chipangizo china n'kuthamangira kulemba fulu pamanja mbali imodzi yokha. Kutero kumangosamutsa vutolo, nthawi zina n'kulibweretsa pamene panalibe.

Poti yowonongeka

Bwanji mbali zonse zikaonetsa `a-full` koma `CRC` ikukwerabe? Apo dupuleksi yachoka, kwatsala zogwirika: kebulo, mitu yake, soketi ya pakhoma, khadi la kompyuta, kapena poti ya switchi.

Mkati mwa poti muli timawaya 8 topyapyala togwira mutu wa kebulo, ndipo kuseri kwake kuli tizipangizo tosefa ndi kumasulira zizindikiro za magetsi. Kawaya kamatha kupindika mutu woipa ukakakamizidwa, fumbi ndi dzimbiri zimatha kuphimba pogundana, ndipo magetsi obwera mwadzidzidzi amatha kuwotcha za kuseriko. Mphezi ya m'nyengo ya dzinja imakonda kulowera pa kebulo ya kopa yodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri, n'kupweteka poti imodzi kapena zingapo zoyandikana, switchi yonse n'kumagwirabe ntchito. Poti yoferatu sivuta, kagetsi kake sikayaka ndipo aliyense amaona. Yovuta ndi imene yavulala chabe.

Imadzionetsa m'njira zitatu. Yoyamba ndi mafulemu owonongeka, amene TCP imawalipira monga tafotokozera. Yachiwiri ndi kutsika kwa liwiro. Gigabiti pa kebulo ya kopa, imene inakhazikitsidwa mu 1999, imafuna mawaya onse 8, pomwe megabiti 100 imafuna anayi okha, a pa malo 1, 2, 3 ndi 6. Kawaya ka pa malo 4, 5, 7 kapena 8 kakapindika, zipangizo zambiri zimayesa gigabiti, n'kulephera, n'kutsikira pa 100 mwakachetechete. Ndiwo megabayiti 11 okhazikika aja. Yachitatu ndi kuduka n'kubwerera mobwerezabwereza, ndipo pa switchi imene ikutsata dongosolo lakale loteteza kuzungulira kwa mafulemu, kubwerera kulikonse kumatenga masekondi 30 poti isanayambe kudutsitsa kanthu.

Pali mfundo imodzi imene imasokoneza anthu. Cholakwika chimawerengedwa ndi wolandira. Poti ikavulala mbali yolandirira, `CRC` imakwera pa switchi. Ikavulala mbali yotumizira, switchi imaoneka yoyera, zolakwika n'kumawerengedwa pa kompyuta. Choncho muyenera kuwerenga mbali zonse. Pa Linux `ethtool -S eth0` imaonetsa mizere ngati `rx_crc_errors`, ngakhale maina amasiyana malinga ndi khadi, ndipo pa Windows `Get-NetAdapterStatistics | Format-List *` imaonetsa `ReceivedPacketErrors`.

Manambala sangakuuzeni ngati wolakwa ndi poti kapena kebulo, chifukwa zizindikiro zake n'zofanana. Njira yake n'kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, kufufuta manambala, n'kuyesanso. Chotsani kebulo pa poti yokayikitsa muiike pa poti ina yodziwika kuti ili bwino, yokonzedwa mofanana ndi yoyambayo. Zolakwika zikatsatira kebulo, vuto lili pa kebulo, pakhoma kapena pa kompyuta. Zikatha, musafulumire kuweruza poti, chifukwa kungozula ndi kulowetsanso kumatha kukhazika mutu umene unali wogwedera. Tengani laputopu yabwino ndi kebulo yaifupi yatsopano, mulumikize pa poti yokayikitsa ija. Zolakwika zikabwereranso pamenepo, poti ndiyo yadwala. Kawirikawiri wolakwa amapezeka kuti ndi kebulo kapena mutu womangidwa molakwika, makamaka ngati mtunda wadutsa mamita 100 amene malamulo amalola. Poti ikatsimikizika, itsekeni ndi `shutdown` ndipo muike chizindikiro pa switchi penipenipo, apo ayi chaka chamawa wina adzaona bowo lopanda kanthu n'kulowetsamo pulinta.

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Funso lakale loti `Auto` kapena pamanja silinafe. Ambiri lero amati chilichonse chisiyidwe pa `Auto`, ndipo pa gigabiti ya kopa kukambirana n'kokakamiza, chifukwa ndi kumene kumasankha mbali yotsogolera nthawi ya zizindikiro. N'chifukwa chake kusagwirizana kwa dupuleksi n'kosowa pa gigabiti. Ena amayankha kuti pakadali zipangizo za megabiti 10 ndi 100, monga mapulinta akale, makamera, makina a m'mafakitale ndi tizipangizo tina timene makampani a Intaneti amasiya kwa makasitomala titalembedwa pamanja, ndipo pa zoterozo kulemba mbali zonse n'kumene kumagwira. A gulu loyamba amafunsa kuti nanga ndani adzakumbukire zimenezo tsiku limene chipangizo chimodzi chidzasinthidwe. Nkhaniyi imasokonekeranso chifukwa makadi ena atsopano ukawalemba pamanja sasiya kukambirana, amangolengeza chimodzi chimene wasankhacho, kotero zochita zofanana zimabala zotsatira zosiyana pa zipangizo zosiyana.

Lachiwiri ndi la kuchuluka kwa zolakwika zoyenera kudandaula nazo. Malamulo a gigabiti ya kopa amalola biti imodzi yolakwika pa mabiti 10 biliyoni, ndiye `CRC` imodzi ya apo ndi apo pa poti yotanganidwa si ngozi. Koma pakati pa imodzi ya apo ndi apo ndi zikwi pa mphindi pali dera lalikulu, ndipo palibe mzere umodzi umene onse amauvomereza.

Lachitatu ndi la ndalama. Switchi yotha kulowamo n'kuwerenga manambala imadula kuposa yosalowereka, ndipo ofesi ya anthu asanu ingafunse ngati ikuifunadi. Koma m'chitsanzo chathu chija, maswitchi onse akanakhala opanda manambala, pakanatsala kuyesa mwa kusinthasintha basi. Chimodzimodzi poti imodzi ikafa: ena amaitseka n'kupitiriza ndi zotsalazo, ena amati chimene chinapweteka poti imodzi chiyenera kuti chinakhudzanso zoyandikana nazo, ndipo switchi yonse isinthidwe isanayambe kutaya mafulemu pa kebulo ya seva.